Manambala a tchati chosowa: ena ndi a sikelo, ena ndi a matumba

"Ndine mlembi wa kopaletivu yathu ku Katete. Anditumizira pa WhatsApp mawu okhaokha okopedwa mu PDF ya masilaidi a msonkhano, matchati ndi zithunzi mulibe. Ndilembe bwanji lipoti osanamiza mamembala? Silaidi imodzi yatuluka chonchi:"

```
Matumba a nshawa ogulidwa
0 50 100 150 200
Juni Julayi Ogasiti
120 185 90
2023 2024
Onani kusiyana apa
```

Amayi, yambani ndi kulekanitsa manambalawo, chifukwa si amtundu umodzi. Mzere wa 0, 50, 100, 150, 200 ukukwera mofanana, 50 nthawi iliyonse, ndipo ukuyambira pa 0. Manambala otero ndi sikelo ya m'mbali mwa tchati, si matumba amene anagulidwa. Ambiri amagwa pamenepa, n'kulemba kuti kopaletivu inagula matumba 200, pomwe 200 ndi pothera sikelo chabe. Phindu la mzerewu ndi limodzi: nthawi zambiri sikelo imapitirira nambala yaikulu ya m'tchati, choncho n'kutheka kuti palibe mwezi umene unadutsa 200.

A 120, 185 ndi 90 sakutsata ndondomeko iliyonse, ndiye awa ndi amene analembedwa pamwamba pa mizati ya tchati. Tsopano werengani. Miyezi ilipo itatu, zaka zilipo ziwiri, ndiye manambala anayenera kukhala 6. Inu muli ndi atatu. Kapena wokonza silaidi anaonetsa manambala a chaka chimodzi chokha, kapena enawo anatayika pokopera. Mawu amene muli nawo sanena ngati atatuwa ndi a 2023 kapena a 2024, ndipo apa ndikupemphani ndithu, musasankhe chaka chifukwa choti chikuoneka chomveka.

Ngakhale kunena kuti 120 ndi ya Juni kumafuna kusamala. Mawu akamakopedwa mu PDF amatsata m'mene zinthu zinasungidwira mu fayilo, osati m'mene maso amawerengera pa silaidi. Kawirikawiri dongosolo limagwirizana, koma osati nthawi zonse. Ngati muli ndi buku la malisiti, yang'anani mwezi umodzi wokha. Mukapeza kuti Julayi wa chaka china munagula matumba 185, mwapeza chaka, ndipo dongosolo la miyezi layamba kukhulupirika.

Palinso thumba lenilenilo. Mutu sukunena ngati ndi nshawa zosenda kapena za makoko, ndipo tonse tikudziwa kuti thumba lomwelo lodzaza za makoko limapepuka kwambiri. Musasandutse matumbawo kukhala makilo kapena makwacha musanafunse.

Polemba, ine ndimaika chizindikiro pamalo penipeni pokayikitsa, osati kumapeto kwa lipoti kumene anthu safikako. Silaidi yanuyi ndingailembe chonchi: "Tchati chinkayerekeza matumba a nshawa ogulidwa mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, m'zaka za 2023 ndi 2024. Manambala ooneka ndi 120, 185 ndi 90 [NDAGANIZA: akutsata miyezi m'dongosolo lomweli, chaka sichikudziwika]. [ZASOWA: manambala atatu a chaka chinacho.] [ZASOWA: chimene mawu oti 'Onani kusiyana apa' ankaloza.]" Chilichonse chopanda chizindikiro chikhale chimene chinalembedwadi. Mawu oti "apa" aja ankaloza muvi kapena chithunzi, ndipo satiuza ngati malonda anakwera kapena anatsika. Mukalemba kuti "anakwera", wapampando adzawerenga zimenezo pamsonkhano ngati zoona, ndipo mamembala adzafunsa za ndalama zimene mwina kulibe.

Koma pali nkhani yabwino m'zimene mwatumizazi. Tchati chikanakhala chojambulidwa ngati chithunzi, manambala a sikelo sakanatuluka pokopera, pokhapokha pulogalamu ina itawerenga chithunzicho. Popeza atuluka, n'kutheka kwambiri kuti m'fayilo yoyambirira tchaticho n'chamoyo. Pemphani fayilo ya .pptx, ndipo aitumize ngati dokyumenti. Mu PowerPoint dinani tchaticho ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Edit Data, tebulo la manambala litseguka. Likakana chifukwa tchati chinalumikizidwa ku fayilo ya Excel imene mulibe, koperani fayilo ya .pptx ija, musinthe mathero ake kukhala .zip, mutsegule: manambala ali mu ppt/charts, zithunzi mu ppt/media. Yang'ananinso Notes pansi pa silaidi iliyonse, chifukwa ophunzitsa ambiri amalemba mmenemo zimene anafotokoza pakamwa.

Fayilo ikavuta, funso lanu kwa wokonza likhale lolunjika: "Silaidi ya matumba a nshawa, 120, 185 ndi 90 ndi za chaka chiti, nanga za chaka chinacho ndi zingati, ndipo ndi zosenda?" Funso lotere munthu amayankha ali pa minibasi, kusiyana n'kumuuza kuti atumizenso zonse.