Mankhwala a amayi ali m'jumbo lonse, ndidziwa bwanji amene akumwa?

"Ndawatenga amayi kumudzi kuti azikhala ndi ine m'tauni. Ali ndi BP ndi shuga. Abwera ndi mabuku awiri akuchipatala, timapepala ta adokotala ndi jumbo lodzaza mabotolo ndi timapaketi, tina tofufutika. Sabata yamawa tikupita kuchipatala chatsopano. Ndilemba bwanji mndandanda wa mankhwala awo osalakwitsa?"

Achemwali, musayambire m'buku. Yambirani kwa amayiwo. Buku limanena zimene adokotala analemba, paketi imanena zimene anapatsidwa pawindo, koma zimene zimalowa m'thupi amazidziwa ndi mwiniwake yekha. Zinthu zitatuzi sizigwirizana kawirikawiri, ndipo ntchito yanu ndi kupeza pamene zasiyanira.

Yalani chitenje patebulo, khuthulani jumbo lonse, muwonjeze ndi zimene zili m'chikwama ndi kumutu kwa bedi. Kenako muwapemphe kuti, "Amayi, tandionetsani zimene munamwa dzulo m'mawa." Musafunse kuti "Mumamwa monga anakuuzirani?" chifukwa munthu wamkulu amangoti eya posafuna kuoneka wosamvera. Aloleni atole okha ndi manja awo: za m'mawa, za masana, za usiku. Zimene sanazikhudze muziike pambali, musataye.

Tsopano tengani pepala lalikulu. Mankhwala aliwonse akhale ndi mzere wake, ndipo pamzerepo mulembe dzina lake, mphamvu yake m'mamiligalamu, mmene buku likunenera kuti azimwa, mmene iwo akumwera, ndi tsiku lomaliza limene analembedwa. Dzina mukopere chilembo ndi chilembo kuchokera papaketi. Pabokosi pakakhala mayina awiri, lalikulu nthawi zambiri ndi la malonda, tengani laling'ono lomwe lili pafupi ndi nambala ya mg. Bulufeni ndi ibupulofeni ndi chinthu chimodzi, monganso panado ndi parasetamo.

Buku muliwerenge chobwerera, kuyambira tsamba lomaliza. Zilembo za adokotala zisakuopseni: OD ndi kamodzi pa tsiku, BD kawiri, TDS katatu, PRN pokhapokha pakafunika. Manambala onga 5/7 ndi masiku asanu, 2/52 masabata awiri, 1/12 mwezi umodzi. Manambalawa ndi amene amakuuzani ngati mankhwala anali a kanthawi chabe. Amokisisilini wa 5/7 wa chaka chatha salowa pamndandanda wa lero, ngakhale atatsala makapisozi angapo.

Ndikuuzeni za azakhali anga, chifukwa zawo ndi zimene ndimaziopa kwambiri m'majumbo oterewa. M'buku mwawo, mwezi wa Januwale, munali amulodipini 10 mg OD ndi HCTZ 25 mg OD a BP, komanso metifomini 500 mg BD wa shuga. Mu Epulo dzanja lina linalemba nifedipini 20 mg BD, ndipo pambali pa amulodipini panali tizilembo tiwiri, O/S, kutanthauza kuti mankhwalawo anali atatha kuchipatala. Nifedipiniyo anali wongogwirizira. Pa 3 Juni amulodipini anabweranso, koma palibe amene anawauza kuti winayo asiye. Iwo anali ndi wotsala, mwana wawo nkuwaguliranso wina kufamase ataona paketi ikutha. Ndinawapeza atakhala pamkeka, mapazi atatupa moti patapata anasiya mzere pakhungu, akudandaula kuti akadzuka m'maso mumachita mdima.

Amulodipini ndi nifedipini ndi a banja limodzi, amagwira ntchito mofanana yotakasa mitsempha ya magazi. Kumwa onse pamodzi kumatsitsa BP mopitirira ndipo kumawonjezera kutupa kwa mapazi. Njira yowazindikira ili kumapeto kwa dzina monga lalembedwera papaketi: awiri othera ndi -dipine ndi pachibale, awiri othera ndi -pril, monga enalapulili ndi kaputopulili, nawonso ndi pachibale. Mukaona awiri otere patebulo, ikani chizindikiro cha funso chachikulu. M'buku munalibe cholakwika chilichonse, tsamba lililonse palokha linali bwino. Vuto linaonekera pokhapokha buku ndi jumbo zitaikidwa pamodzi.

Chachiwiri chinatulukira powerenga mapiritsi. Pa 3 Juni anapatsidwa metifomini 60. Ine ndinawerenga pa 23 Juni, patapita masiku 20. Awiri pa tsiku bwenzi atamwa 40 nkutsala 20, koma m'paketi munali 39. Nditafunsa mofatsa, anati wamadzulo amawatsegula m'mimba, ndiye anangomusiya. Pamndandanda ndinalemba zonse ziwiri: buku likuti kawiri, akumwa kamodzi, chifukwa cha m'mimba. Mzere umenewu ndi wamtengo wapatali. Dokotala akaona shuga wakwera, ali ndi chikhulupiriro choti munthu akumwa kawiri, amawonjezera mankhwala ena pamene vuto lili pena. Kuwerengaku kuli ndi malire ake: ngati amayi amathira zotsala za mwezi watha m'paketi yatsopano, kapena amagawana ndi anzawo, nambala sikuuzani zoona. Afunseni kaye.

Musaiwale zomwe sizilembedwa m'buku. Azakhali ankamwa bulufeni wogula okha pafupifupi tsiku lililonse chifukwa cha mawondo, ndipo sankamuwerengera ngati mankhwala. Bulufeni, dikulofenaki ndi indosidi amakweza BP komanso amavutitsa impso, makamaka mwa munthu wamkulu wa shuga. Lembaninso zazitsamba, mavitamini, ndi zimene achibale amatumiza kuchokera kunja. Ma ARV nawo amalandiridwa pakhomo lina ndipo ena amawabisa, choncho funsani muli awiri, chitseko chotseka. Nkofunika chifukwa dolutegulaviya, yemwe ali m'piritsi la ARV limene ambiri akumwa masiku ano, amakweza mphamvu ya metifomini m'magazi, ndipo adokotala amayenera kudziwa asanawonjeze mlingo.

Timapaketi tofufutika musatiganizire dzina. Piritsi loyera laling'ono likhoza kukhala chilichonse, ndipo mankhwala omwewo amasintha maonekedwe akasintha kampani. Mangani totero m'kapulasitiki kapadera, mulembe kuti "osadziwika, amayi akuti amamwa limodzi usiku", mupite nato kwa wopereka mankhwala. Pamwamba penipeni pa pepala lembani mankhwala amene anawavulazapo ndi zimene zinachitika, mwachitsanzo bakitilimu, totupa thupi lonse ndi zilonda m'kamwa. Zoterezi zimakonda kukhala m'buku lakale, ndiye mulisanthule lonse ngakhale lang'ambika.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse ndi ichi: pepalali si loti muchotsere kapena kuwonjezera mankhwala nokha. Ena, monga atenololo kapena puledinisoloni womwedwa nthawi yaitali, ndi oopsa kuwasiya mwadzidzidzi. Koma mukapeza apachibale awiri ngati a azakhali, musadikire sabata yamawa, pitani mawa lomwe kuchipatala chapafupi. Ngati amayi akomoka, agwa, kapena akutuluka thukuta nkumanjenjemera ndi kusokonezeka mutu, pitani lero.

Polowa kwa adokotala, nyamulani mabuku onse awiri, jumbo lonse ndi pepala lanu. Mafunso anu akhale atalembedwa pansi pake, ndipo muwapemphe kuti pa mankhwala aliwonse anene limodzi mwa mawu atatu: apitirize, asinthe, asiye. Amene asiyidwa alembedwe m'buku momveka, ndipo mapiritsi ake atsale kufamase komweko. Mukafika kunyumba lembani pepala latsopano lokhala ndi deti, mulijambule pafoni, lenilenilo mulimate mkati mwa chikuto cha buku latsopano.