Anangoti "tidzakudziwitsani" n'kudula foni

"Abale, dzulo anandiimbira a kampani ina komwe ndinafunsira ntchito yoyang'anira nyumba yosungiramo katundu. Tinacheza mphindi 20, kenako mayi wake anangoti 'zikomo, tidzakudziwitsani' n'kudula. Sananene kuti liti kapenanso kuti chotsatira n'chiyani. Ndiwalembere kapena ndingodikira? Ndikuopa kuoneka wokakamira."

Alembereni achimwene, ndipo mulembe lero lomwe, pasanathe maola 24 chiimbireni, mawu anu akadali m'makutu mwawo. Koma musanagwire foni, dziwani kaye kuti munalankhula ndi ndani, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Munthu amene amaimba foni yoyamba ija kawirikawiri si mwini chigamulo. Amakhala wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, ndipo udindo wake ndi kusefa: kuona ngati zimene munalemba pofunsira ntchito zikugwirizana ndi zimene mukunena, kumva malipiro amene mukuyembekezera ndi tsiku limene mungayambe. Akamaliza kuimbira onse, amapereka mayina a amene amugwira mtima kwa bwana wa nthambi yomwe ikufuna munthu, ndipo bwanayo ndi amene amasankha oti aitanidwe ku intaviyu. Choncho mukafunsa kuti "kodi ndapambana?" mwafunsa zomwe mayiwo mwina sakuzidziwa, kapena saloledwa kuzinena, ndiye amangokhala chete. Koma mukafunsa za ndondomeko ndi nthawi, zimenezo ali nazo m'manja, ndipo akhoza kukuyankhani ndi mzere umodzi. Funso lanu likhale lopepuka choncho.

Ngati anakutumiziranipo imelo pokonza nthawi yoimbirana, yankhani pa imelo yomweyo, musayambe ina, kuti akaitsegula aone nthawi yomweyo kuti ndinu ndani. Ngati muli ndi nambala yokha, tumizani uthenga wolemba, nthawi ya ntchito. Musaimbe, poti foni imam'dzidzimutsa munthu alibe yankho, ndipo mudzangomvanso "tidzakudziwitsani" yemwe uja.

Tiyerekeze kuti pocheza paja mayiwo anatchula kuti katundu wolembedwa m'mabuku mwawo sagwirizana ndi amene ali m'mashelefu. Uthenga wanu ukhoza kukhala wotere:

"Zikomo mayi chifukwa cha nthawi yomwe munandipatsa dzulo pa foni, pa nkhani ya ntchito yoyang'anira nyumba yosungiramo katundu. Munatchula vuto loti mabuku sagwirizana ndi katundu amene alipo. Komwe ndikugwira pano tinalichepetsa powerenga katundu wotuluka msanga sabata iliyonse m'malo modikira kutha kwa mwezi, ndipo ndingakonde kufotokoza bwino tikakumana. Ndikadali ndi chidwi ndi ntchitoyi. Kodi gawo lotsatira ndi liti, ndipo ndiyembekezere kumva kuchokera kwa inu cha liti?"

Pansi pake lembani dzina lanu lonse ndi nambala, basi. Chiganizo cha mabuku ndi mashelefu chija ndiye mtima wa uthengawu. Mayiwo mwina alankhula ndi anthu ambiri sabata imeneyi, ndipo onse akalemba amangothokoza mofanana. Inu mukatchula chinthu chimene iwo eni ananena, amakukumbukirani, komanso mwawapatsa mawu oti akanene kwa bwana uja potchula dzina lanu. Chokhacho n'chakuti chikhale choona, chifukwa adzakufunsani za icho pa intaviyu.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi kuona anthu oyenera ntchito akudziwonongera mwayi ndi uthenga wodandaula, wonena kuti akhala nthawi yaitali osagwira ntchito, ana ali pakhomo, chonde awaganizire. Mavutowo ndi enieni, sindikuwapeputsa, koma wowerenga sangawatengere kwa bwana ngati chifukwa chokusankhirani. Musapepesenso kuti mukuwavutitsa. Kufunsa chotsatira pambuyo poti akuimbirani okha ndi chinthu chachibadwa.

Mukatumiza, yankho lake limakuuzani pomwe mwaima. Akakupatsani tsiku, monga "Lachisanu likudzali", dikirani tsikulo lidutse, muonjezere masiku awiri a ntchito, kenako mukumbutse. Akakufunsani masiku amene mungapezeke kapena mayina a anthu okuchitirani umboni, dziwani kuti dzina lanu lapita patsogolo, ndipo yankhani tsiku lomwelo. Akangoti "tikuunikabe", nthawi zambiri ndiye kuti bwana uja sanaonebe mayina, kapena akudikira yankho la munthu wina amene amufuna poyamba.

Akapanda kuyankha n'komwe, dikirani masiku 5 a ntchito, osawerengera Loweruka ndi Lamlungu, kenako tumizani mizere iwiri pa imelo yomwe ija: mukadali ndi chidwi, ndipo mukufunsa ngati pali zatsopano pa ndondomeko. Ngati kwina akupatsani ntchito ndipo akufuna yankho pofika tsiku lakuti, tchulani tsikulo, chifukwa zimenezi zimafulumizitsadi zinthu, koma musapeke, akhoza kungokuuzani kuti landirani ya kwinayo. Uthenga wachiwiriwu ukapitanso osayankhidwa kwa sabata ina, musatumize wachitatu. Pitirizani kufunsira ntchito kwina, ndipo nambala yawo muisunge ndi dzina la kampani kuti akadzaimba mudzadziwe amene mukulankhula naye.