Kalata yoletsa kuswa miyala pafupi ndi damu

"Bwana DC wa Nkhotakota walembera mudzi wathu kuti tileke kuswa miyala kufupi ndi damu. Ife timaswa ndi hamala, tikuononga chiyani?"

Achimwene, lekezani kaye, kalatayo ili ndi mutu. Vuto si hamala yanu, vuto ndi dzenje limene mumasiya.

Khoma la damu la dothi silitsekeratu madzi, amadutsa pang'onopang'ono pansi pake. Mukakumba kumunsi kwa khomalo mwawafupikitsira njira, ndiye amatuluka ndi mphamvu, atanyamula dothi la mkati. Kayang'aneni m'dzenjemo. Madzi oyera ongonyowetsa pansi saopsa kwenikweni, koma akakhala amatope, kapena akubwadamuka ngati kasupe, dziwani kuti khoma likudyeka mkati, ndipo likhoza kugumuka mvula ya Januwale ikadzaza damulo. Pamenepo musachedwe, itanani injiniya wa zamadzi kuboma, anthu okhala kumunsi achenjezedwe.

Kumtunda nako, nthaka yogumulidwa imakokolokera m'damu, matope n'kudya malo a madzi othirira m'chilimwe.

Mtunda woletsedwa musauyerekeze ndi maso. Pitani ndi amfumu kukhonsolo, mupemphe kuti adzakhome zikhomo m'malire, akuonetseninso phiri lina loswako miyala ndi njira yopezera chilolezo.