Lole ikuchedwa, koma vuto silili pa msewu

"Abale, tili ndi sitolo yopikulitsa katundu pa Kasungu boma. Lole yathu ya matani 3 ikumafika mochedwa kwa makasitomala a ku Chamama, Santhe ndi Nkhamenya. Abwana akuti tijambule minga ya nsomba ndi kufunsa chifukwa chiyani kasanu. Tiyambire pati?"

Achimwene, musayambe ndi kujambula. Tengani buku la pageti, muone maulendo 20 omaliza: tsiku, njira, nthawi yomwe munalonjeza, nthawi yomwe lole inatuluka, nthawi yomwe inafika. Ngati bukulo mulibe, lembani kwa milungu iwiri kaye. Popanda zimenezi aliyense pamsonkhano adzaloza dalaivala, ndipo zimandiwawa chifukwa madalaivala ambiri achotsedwa ntchito pa mlandu wa mu ofesi.

Mukatero jambulani. Njirayi anaitchukitsa ndi Kaoru Ishikawa wa ku Japan. Kumutu kwa nsomba lembani vuto lenileni, osangoti "timachedwa". Pa sitolo ina yonga yanuyo analemba kuti maulendo 8 mwa 20 anafika mochedwa ndi maola oposa awiri, ndipo 6 mwa amenewo anali a Lolemba. Kenako msana, ndi minga isanu ndi umodzi, uliwonse woimira gulu la zomwe zingayambitse vutolo: anthu, galimoto, kagwiridwe ka ntchito, katundu, kalembera wa nthawi, ndi za kunja monga mvula, matope ndi kusowa kwa dizilo. Itanani dalaivala, opakira, wa kusitolo ndi kalaliki, chifukwa ndi omwe amagwira katunduyo. Abwana alankhule pomaliza, apo ayi anthu angogwedeza mitu.

Mingayo idzadzaza msanga: matayala otha, batire, shuga kuchedwa kuchoka ku Lilongwe. Koma zonsezo ndi zoganizira chabe. Chilichonse muchiyeze ndi buku lija. Matope sasankha Lolemba. Tayala silidziwa tsiku. Pa sitolo ija buku linaonetsa kuti paulendo penipeni lole inkatenga nthawi yomweyo masiku onse, koma Lolemba inkatuluka pageti cha m'ma 11 koloko m'malo mwa 7. Munga umenewo ndiye anautsata ndi mafunso asanu aja, omwe anachokera ku Toyota.

Chifukwa chiyani inkatuluka 11 koloko? Kupakira kunkayamba 9 koloko. Chifukwa chiyani? Wa kusitolo satulutsa ngakhale belo limodzi la shuga popanda invoisi, ndipo amachita bwino. Nanga invoisiyo inkachedwa bwanji? Kalaliki salemba asanatsimikize kuti kasitomala walipira. Sankatsimikiza msanga chifukwa chiyani? Agolosale ankatumiza ndalama Loweruka madzulo, atagulitsa, ndipo uthenga unkagwera pa foni ya mwini sitolo, yemwe Lolemba ankayamba wapita kumunda. Chifukwa chiyani pa foni yake yokha? Panalibe wina wololedwa kutsimikiza malipiro, komanso panalibe nthawi yotsekera maoda.

Tsono taganizani Lolemba lija. Anyamata opakira akhala pa matumba kuyambira 6 koloko, lole yatsegula kumbuyo, yopanda kanthu. Mayi wa golosale ku Chamama waimba kanayi, mafuta ophikira amuthera, anthu akukagula kwa mnzake. Dalaivala akufika 2 koloko masana, mayiyo akumutukwana pamaso pa anthu, pobwerera mdima wamugwera, ndipo kumapeto kwa mwezi akumudula malipiro. Womudulayo ndi yemwe uja anali ndi foni m'thumba kumunda! Eni mabizinesi ena amafuna nsomba ijambulidwe, koma munga ukaloza kwa iwo amati msonkhano watha.

Pa sitolo ija anakonza motere: anagula foni ya sitolo yolandirira ndalama, yokhala ndi kalaliki. Maoda a Lolemba amatsekedwa Loweruka 3 koloko, wolipira mochedwa katundu wake amapita ulendo wotsatira. Mainvoisi amalembedwa tsiku lomwelo, katundu amaunjikidwa pakhomo la sitolo motsata njira, wotsitsidwa pomaliza ndiye woyamba kukwera. Inu mukasintha chotere, pitirizani kulemba m'buku milungu inayi. Lolemba likapanda kusintha, ndiye kuti munatsata munga wolakwika, bwererani ku chithunzi.

Samalani pa mafunsowo. Yankho lililonse likhale ndi umboni, kaya lisiti, kaya nthawi ya uthenga pa foni. Mukafika pa "ndi waulesi" kapena "anaiwala", simunafike, funsani chomwe chinalola kuiwalako. Ndipo asanu si lamulo: nthawi zina muzu umapezeka pa funso lachitatu, nthawi zina lachisanu ndi chiwiri. Maulendo awiri otsala aja anali ndi zifukwa zawozawo, musawakakamize kulowa mu nkhani ya foni.

Komabe dalaivala musamusiye osamuyang'ana. Lembani makilomita potuluka ndi pobwera. Akapezeka kuti amaima pa Mtunthama kukweza matola, ameneyo musamujambulire nsomba, muitaneni mu ofesi tsiku lomwelo.