Kodi ndiziyankha meseji yake pakapita nthawi yaitali bwanji?

"Abale ndithandizeni. Pali mtsikana amene tinadziwana paukwati wa mnzanga, pano tayamba kucheza pa WhatsApp. Ndikamuyankha pompopompo anzanga akuti ndikuoneka wanjala, akuti ndizidikira kaye maola awiri. Koma ndikachedwa ndikuopa kuti aziti ndine wamatama. Ndipange bwanji? Komanso ndiyambe liti kumuimbira?"

Achimwene, za kuimbazo akuyankhani ena. Ine ndingokamba za mamesejiwo, poti ndine mkazi ndipo ndikudziwa mmene zimaonekera kwa amene akulandira. Anzanu amene akukuuzani kuti "dikirani maola awiri, azikusakani yekha" muwafunse kaye ngati iwowo ali naye wowasaka. Ena mwa iwo foni imangolira ikalowa meseji yotsatsa bandulo basi.

Kuyankha msanga sikuonetsa njala ayi. Foni ili m'manja, meseji mwaiona, choyankha muli nacho, yankhani. Chimene chimaulula kuti munthu wapanikizika ndi zimene amachita akamaliza kuyankhako. Mwalemba, iye sanayankhe, pakangopita mphindi zisanu mwawonjezera "mulipo?", kenako "mwakwiya?", kenako zizindikiro za funso zitatu, kenako mwaimba n'kudula. Iyeyo mwina ali paminibasi foni ili m'chikwama. Akamatsika apeza mameseji asanu ndi limodzi ndi foni yophonya, zonse zochokera kwa munthu amene amuona kamodzi kokha paukwati. Apo ndiye amatumiza chithunzi cha machezawo kwa mnzake n'kulemba kuti "taona uyu". Ngati mukufuna kudziyeza, musawerenge mphindi. Tsegulani machezawo muone kuti mameseji anu otsatizana, opanda ake pakati, ndi angati. Akamapitirira awiri kawirikawiri, vuto lili pamenepo.

Masewera odikira dalawo ine ndinakumana nawo, n'chifukwa chake ndimadana nawo. Panali bambo wina amene tinkacheza bwinobwino, waulemu ndithu, koma meseji iliyonse ankaiyankha patapita ola kapena kuposa, chonsecho pansi pa dzina lake pakuoneka `online`. Poyamba ndinkati mwina ndi ntchito. Loweruka lina ndinali m'tauni ku Lilongwe kukagula nsalu, ndinamulembera cha m'ma 1 koloko kuti ndikhala kuno mpaka 3 koloko, ngati muli pafupi tionane timwe kafanta. Matiki anasanduka abuluu nthawi yomweyo. Yankho kunalibe. Chapakati apo anaika sitetasi ya mpira, ine ndikuiona ndili chiimire pakhonde la shopu, jumbo ya nsalu ili m'manja. Anadzayankha cha m'ma 4 koloko kuti "eeh pepani, muli pati?" Ine n'kuti ndili m'minibasi, tadutsa kale Biwi. Patapita nthawi anaulula yekha akuseka kuti anzake anamuuza kuti asamaoneke ngati alibe chochita. Ndinaseka naye, koma mtima unali utachoka kale. Kuchedwa kwakeko sikunandiuze kuti ndi munthu wotanganidwa. Kunandiuza kuti angathe kundisiya ndili chiimire padzuwa pofuna kuoneka wamkulu.

Ndiye musanayang'ane wotchi, yang'anani kaye mtundu wa meseji imene yabwera. Ikakhala kuti muli nthawi kapena malo, monga "tikumana kuti", "mubwera mawa", "ndafika pasiteji", muyankhe mukangoiona, ngakhale ndi mawu atatu okha. Chimodzimodzi ya mavuto. Akakuuzani kuti amayi agonekedwa kuchipatala kapena kwawo kwagwa maliro, palibenso zodikira. Yongocheza chabe, kavidiyo koseketsa kapena "mwaswera bwanji", imeneyo itha kudikira mpaka mutapeza mpata, bola lisalowe dzuwa n'kutulukanso musanayankhe. Meseji ya munthu amene mukumufuna isagone. Ikagona, mawa lake muyambe ndi chifukwa chake, chachidule, osati chinkhani chautali chopepesa.

Mukakhala kuti nonse muli pafoni, macheza akutentha, mukuona `typing...` pamwamba, pitirizani basi, muziyankhana m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Kuzimiririka dala pakati pa macheza otere ndiye kuzizira kwenikweni. Ngati mukuchoka, tsanzikani: "Abwana alowa, tipitiriza pa 12." Kenako 12 koloko ikakwana mubweredi. Kameseji kotsanzika kameneka ndi kamene anyamata ambiri sakadziwa, koma kamathetsa nkhani yonseyi. Tiyerekeze wakulemberani 10 koloko m'mawa kuti dzulo anakangana ndi mkulu wake ndipo sanagone bwino, inu muli pantchito makasitomala ali pamzere. Musatsegule n'kusiya. Musayankhenso "pepani" yekhayekha n'kuzimiririka. Lembani kuti: "Ndaiona, pepani kwambiri. Pano ndapanikizika, ndikaweruka cha m'ma 5 mundiuze bwinobwino." Zatenga masekondi makumi awiri. Mwayankha msanga, simunaoneke ngati mulibe chochita, ndipo iye akudziwa nthawi yokuyembekezerani. Chimene atayang'ane tsopano n'chakuti 5 kolokoyo mubweradi kapena ayi.

Za matiki nazo muzimvetse, chifukwa ambiri amadwala nazo mutu pachabe. Tiki imodzi yotuwa ndiye kuti meseji yachoka kwa inu koma sinafike pafoni yake. Matiki awiri otuwa ndiye kuti yafika koma machezawo sanawatsegule, ngakhale n'kutheka kuti waiwerengera pamwamba pa sikirini pamene imatulukira ikangolowa. Awiri abuluu ndiye kuti watsegula. Kwathu kuno tiki imodzi itha kukhala tsiku lathunthu popanda vuto lililonse. Bandulo yatha ndipo akudikira kuti apeze kandalama, magetsi azima foni yathima, wapita kumudzi kumene netiweki imagwira ukakwera pachulu, kapena wasiya foni pakashopu kotchajitsa komwe amalipira mahandiredi angapo. Anthu ambiri amayatsa data madzulo okha kuti bandulo ya sabata ifike kumapeto. Ndiye musamawerenge kuyambira pamene inu munatumiza. Ndipo akayatsa data usiku mameseji n'kulowa onse pakamodzi, inu musadumphire pomwepo ndi "tsopano mwapezeka". Mpatseni mpata awerenge kaye.

Inunso mumuuze mmene foni yanu imakhalira. Chiganizo chimodzi chokha kumayambiriro, chakuti masana kuntchito simugwira foni koma madzulo mumapezeka, chimachotsa kukayikirana kwa mwezi wathunthu. Munthu amazolowera kayendedwe kanu. Chimene chimasokoneza ndi kusinthasintha: lero mukuyankha m'masekondi, mawa maola asanu, mkuja m'masekondi. Pamenepo ndi pamene mkazi amayamba kuganiza kuti pali wina amene mukugawana naye nthawi.

Ena amati muzimitse matiki abuluu. Zimatheka, mumalowa `Settings`, kenako `Privacy`, n'kuzimitsa `Read receipts`. Koma dziwani kuti mukatero nanunso simuonanso abuluu a anthu ena, simuonanso amene aonera sitetasi yanu, ndipo m'magulu matikiwo amaonekabe. Pa `Last seen and online` pomwepo mutha kubisanso nthawi imene munalowa komaliza, koma mukabisa yanu, ya ena simuionanso. Kwa munthu amene amangokhalira kusuzumira kuti mnzake walowa liti, kubisako n'kothandiza, chifukwa kumamuchotsera chomusuzumiritsa. Chenjezo langa ndi ili: musazimitse pakati pa chibwenzi chimene changoyamba. Dzulo matiki anali abuluu, lero atuwa, iye aona tsiku lomwelo ndipo adzifunsa kuti mukubisa chiyani. Ngati mukuzimitsa, muuzeni. Ndipo zija za GB WhatsApp zoimitsa nthawi kuti muzioneka ngati simunalowe, zisiyeni. Nambala yanu itha kutsekedwa chifukwa cha mapulogalamu osavomerezeka ngati amenewo, komanso mumagwidwa mosavuta mukayankha m'gulu limene iyenso alimo, uku foni ikunena kuti munalowa komaliza dzulo.

Kuzizira nakonso sikuli pa nthawi pokha. Mutha kuyankha m'sekondi imodzi koma n'kuzizira kuposa amene wachedwa maola atatu. Wakulemberani mizere isanu kukufotokozerani mmene tsiku lake layendera, inu mwabweza "ok" kapena chala chachikulu chija. Bola kuchedwa koma mubwere ndi yankho looneka kuti mwawerenga. Tolanipo chinthu chimodzi chimene wanena, muyankhepo, kenako mufunse kafunso kamodzi. Wanena kuti mayeso amuvuta, funsani kuti ndi pepala liti. Kutalika kwa yankho lanu kuzifananako ndi kwake. Iye akalemba mzere umodzi, musamubwezere voisi noti ya mphindi zinayi, imadya bandulo ndipo sangaimvere pagulu. Za "mwadya?" katatu patsiku nazo chepetsani, pokhapokha ngati chakudyacho mubweretsa.

Usiku samalani. Ngati macheza anayamba kale madzulo ndipo akupitirira, palibe vuto. Koma kuyambitsa macheza 11 koloko usiku ndi munthu amene simunazolowerane, ambirife timakumva mwina, makamaka ngati masana onse munali zii. Mwaiona meseji yake mochedwa choncho ndipo si yachangu, yankhani m'mawa, munene kuti munaiona usiku koma simunafune kumudzutsa.

Nanga iyeyo akakhala chete, matiki ali abuluu? Dikirani mpaka mawa lake. Mukatero tumizani meseji imodzi yokhala ndi nkhani yatsopano, osati "mwanditaya" kapena "ndakulakwirani chiyani". Mwina chinthu chimene munakambirana paukwati paja, kapena funso lenileni loti angayankhe. Ndiponso musafufute meseji yakale ija chifukwa cha manyazi, pamatsala `This message was deleted` ndipo zimaoneka zoipa kuposa meseji imene munalembayo. Imeneyonso akapanda kuyankha, kapena akamangobweza mawu amodziamodzi osakufunsaniko kanthu kwa sabata yathunthu, siyani kaye, nambala yanu ali nayo. Musayambe zoika masitetasi omuzungulira, aja a "ena adzakufuna utapita", amadziwa kuti mukunena iyeyo.

China chimene simunafunse koma ndinenebe. Muone ngati liwiro lake limasintha pakabwera nkhani ya ndalama. Alipo anthu, amuna ndi akazi omwe, amene tsiku lonse sapezeka, koma likafika tsiku loti bandulo yatha amayankha m'masekondi, mawu okoma ali mbwee. Kumugulira kabandulo kamodzi si mlandu, ka sabata sikafuna ndalama zambiri ngakhale mitengo ikusinthasintha masiku ano. Koma mukatumiza, muone masiku awiri otsatirawo ngati macheza akupitirira kapena mwabwereranso pa matiki awiri otuwa.