Lipoti loti abwana akawerenga asaimbenso foni

"Ndimayang'anira ntchito yomanga buloko ya makalasi awiri, ndipo Lachisanu lililonse ndimatumizira abwana anga uthenga wa momwe ntchito ikuyendera. Koma ndikangotumiza, foni imalira, mafunso mbwee. Ndayamba kuona ngati sandikhulupirira. Ndizilemba bwanji kuti asamandifunsenso?"

Achemwali, tengani kope mulembe mafunso amene abwanawo anakufunsani pa mafoni atatu apitawa. Ndikukhulupirira kuti mupeza kuti ndi omwewo sabata ndi sabata: mwafika pati, mutha liti, chakuvutani n'chiyani, mukufuna ine ndichitepo chiyani. Munthu amene sakukukhulupirirani safunsa choncho, amangotuma wina mwakachetechete kuti akaone. Awa akufunsa chifukwa nawonso ali ndi owafunsa pamwamba pawo, ndipo uthenga wanu sukuwapatsa choti akayankhe. Ndiye lipoti lanu likhale mayankho a mafunso amenewo, olembedwa foni isanalire.

Sindinaone mauthenga anu, koma a mtundu umenewu ndawawerenga ambiri, ndipo amakonda kumveka motere:

"Mwaswera bwanji bwana. Ntchito ikuyenda bwino ndithu. Sabata ino anyamata agwira ntchito molimbika, tinali pa ring'ibimu komanso tinakumana ndi amfumu pa nkhani ya mchenga. Tatsala pang'ono kuyamba denga. Vuto ndi simenti basi, koma nkhaniyo ikuonedwa. Zikomo."

Mulibe bodza m'menemo, ndipo ulemu ulimo wokwanira. Koma onani kuti akunena za kutanganidwa kwa anthu, osati pamene nyumba yafika. "Tinali pa ring'ibimu" sikutiuza ngati yathiridwa yonse kapena mbali imodzi. "Tatsala pang'ono" akhoza kukhala mawa, akhoza kukhala mwezi wamawa. Choipa kwambiri ndi "nkhaniyo ikuonedwa". Akuiona ndani? Nthawi zambiri mawu amenewa amatanthauza kuti palibe amene akuiona, aliyense akuganiza kuti ili m'manja mwa mnzake.

Sabata yomweyo, nkhani zomwezo, mukhoza kuzilemba chonchi (manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muika anu):

"Mwaswera bwanji bwana. Lipoti la buloko ya makalasi, Lachisanu pa 7 Novembala. Tachedwa ndi masiku 4: denga litha pa 25 m'malo mwa pa 21, chifukwa matabwa anafika mochedwa. Tsiku lopereka buloko silinasinthe, ngati simenti ifika pofika pa 19.

Zatha: ring'ibimu yathiridwa yonse Lachitatu, tikuithirira madzi mpaka pa 12. Mafelemu a mawindo onse 8 aikidwa. Mchenga amfumu atilola kutenga kudambo, ngolo ziyamba Lolemba.

Sabata yamawa: akalipentala akhoma mathirasi pansi, ayamba kukweza pa 13.

Chofuna inu: simenti yatsala matumba 38, pomwe kapitawo wawerengera kuti pulasitala ndi pansi zifuna 90. Akusowa 52. Makotesheni atatu ndinapereka ku akaunti Lachiwiri, akudikira siginecha yanu. Mukasaina pofika Lachitatu pa 12, katundu afika nthawi yake. Kupitirira apo amisiri akhala osagwira ntchito denga likatha."

Mbali yofunika kuposa zonse ndi ziganizo ziwiri zotsatira moni ndi mutu wa lipoti. Abwana ambiri amawerenga uthenga pa foni, ali m'galimoto kapena akulowa mu msonkhano, ndipo sapitirira mizere itatu yoyamba. Choncho chigamulo chibwere poyamba: tili pa nthawi, tachedwa, kapena taima. Chibwere ndi tsiku lake. Ife timakonda kukamba nkhani kuyambira kumene inayambira, mfundo yeniyeni n'kudzafika kumapeto, ndipo pa bwalo la milandu kwa amfumu zimenezo zili bwino. Mu lipoti tembenuzani: mathero poyamba, kafotokozedwe pambuyo.

Onaninso kuti sindinalembe kuti ntchito yafika pa 70 peresenti. Ine maperesenti pa ntchito yomanga sindiwakonda. Khoma likafika pa lintala nyumba imaoneka ngati yatha, munthu n'kulemba 80, kenako n'kukhala pa 90 miyezi iwiri, chifukwa pulasitala, pansi, magalasi, zitseko ndi penti zimadya nthawi kuposa mmene maso amaganizira. Lembani zinthu zoti wina atabwera akhoza kuziwerenga ndi chala: mawindo 8 mwa 8, chipinda chimodzi mwa ziwiri chapakidwa pulasitala. Ngati fomu ya ku ofesi kwanu imafuna peresenti, ilembeni, koma pambali pake muike chimene mwawerenga kuti mupeze nambalayo. Ndipo mawu oti "zatha" muziwasunga. Ring'ibimu yothiridwa dzulo sinathe m'njira yoti n'kuisenzetsa denga lero, konkire imafuna kuthiriridwa madzi pafupifupi sabata yathunthu kuti ilimbe bwino. N'chifukwa chake mu chitsanzo chija ndatchula tsiku losiya kuthirira, kuti abwana asadabwe poona kuti akalipentala sanakwere.

Tsopano pa ndime ya simenti, pamene ambiri timagwa. Zimativuta kuuza wamkulu kuti chimene chaimitsa ntchito chili pa tebulo pake. Timaona ngati ndi mwano, ndiye timazungulira: "tikudikirabe ku ofesi". Koma taganizani mmene zimathera. Abwana sadziwa kuti pepala lija ndi lofulumira, lili pansi pa mapepala ena makumi awiri. Pakatha masabata awiri amisiri akhala pansi pa mtengo, mvula yayamba, ndipo funso limabwera kwa inu: bwanji simunanene? Ulemu uli m'kalankhulidwe, osati m'kubisa. Tchulani chinthucho, kuchuluka kwake, amene chili m'manja mwake, tsiku lomaliza, ndi chimene chichitike tsikulo likadutsa. Tsiku lomalizalo musalitole m'mutu. Yambirani pa tsiku limene simenti ikufunika pamalopo, mubwerere m'mbuyo masiku amene a ku akaunti amatenga kuti alipire ndi amene wogulitsa amatenga kuti abweretse. Ngati pali njira ziwiri, monga kugula matumba 20 msanga pa sitolo yapafupi pa mtengo wokwera kapena kudikira onse 52, zilembeni zonse ndi mitengo yake, munene imene inu mukuona kuti ndi yabwino. Apo abwana angoyankha liwu limodzi.

Musanalembe lipoti la sabata ino, tsegulani la sabata yatha. Chilichonse chimene munalonjeza chiyenera kuonekanso, kaya chachitika kapena ayi. Mukalemba pa 7 kuti mathirasi akwera pa 13, ndiye pa 14 n'kukhala chete za mathirasi, mukukamba za mchenga, foni ilira ndithu, ndipo ulendo uno adzakhala akukukayikiranidi. Tsiku likasuntha, lembani lakale ndi latsopano pamodzi, ndi chifukwa chake m'chiganizo chimodzi.

Zithunzi ziwiri kapena zitatu zimathandiza, makamaka mukamajambula mutaima pamalo amodzimodzi sabata iliyonse, kuti kusintha kuzioneka. Chilichonse chikhale ndi mawu ake pansi. Zithunzi makumi atatu zopanda mawu palibe amazitsegula. Uthenga wa mawu ojambula nawo upeweni pa lipoti, chifukwa abwana sangafufuzemo nambala ya matumba pakatha mwezi.

Pali zina zosadikira Lachisanu. Khoma likang'aluka, katundu akabedwa, mmisiri akavulala, imbani foni nthawi yomweyo, kenako mutumize mizere iwiri yolemba kuti pakhale umboni wa zimene mwagwirizana. Lachisanu likafika, nkhaniyo ilowe mu lipoti ndi pamene yafika.