Za uja wozungulira pa ayezi, mphamvu inayo imachokera kuti?

"Ndinaona pa kanema mtsikana wa masewera a pa ayezi aja akuzungulira, atangokokera manja pachifuwa liwiro linakwera koopsa. Buku likuti angyula momentamu sisintha, chabwino, koma nditawerengetsa kinetiki eneji ndapeza kuti yakwera. Palibe wamukankha. Ndiye yachokera kuti? Nditafunsa m'kalasi anangoti ndiloweze fomula basi."

Achimwene, imelo yanuyi yandikhudza, makamaka mawu omalizawo. Ine pano ndimathandiza ana a folomu 4 fizikisi madzulo kuno ku Zomba, cha ku Matawale, koma ndili mwana wasukulu ndinafunsapo funso lomwelo ndipo ndinauzidwa kuti "pa mayeso sizibwera zimenezo, khala pansi." Ndinakhaladi pansi koma mtima sunakhale, moti ndili ku koleji ndinkazembera mpando wa mu ofesi uja wozungulira, mabotolo a madzi m'manja, anthu nkumandiyang'ana ngati ndasokonekera. Kuno ayezi wosewererapo tilibe, ngakhale ku Chawe kuzizire chotani mu Juni simungaone dziwe litaundana, ndiye mpandowo ndi umene unandiphunzitsa. Ndipo ndinene mosabisa, mphunzitsi amene akuuza mwana kuti "liwiro lakwera chifukwa eneji sisintha" akumunamiza mwanayo. Eneji ya kuzungulira imasintha, imakwera ndithu, inuyo mwawerengetsa bwino. Chimene sichisintha ndi angyula momentamu ija, L = Iω, kutanthauza I kuchulukitsa ndi liwiro la kuzungulira, ndipo sichisintha chifukwa palibe chinthu cha kunja chimene chikumupotokola munthuyo, ayezi ndi woterera. I ameneyu amangoyeza kuti kulemera kwa thupi kwamwazikana kutali bwanji ndi mzere umene mukuzungulirapo, ndipo mtunda umachulukitsidwa ndi iwo wokha, mr², pamene m ndi kulemera ndipo r ndi mtundawo.

Tiyeni tichite ndi manambala a pampando chifukwa awa mutha kuwayesa nokha. Tiyerekeze kuti thupi lanu ndi mpando zili ndi I wa 1.6 kg·m², manja enieniwo tiwaiwale kaye kuti masamu asachuluke. Mwagwira mabotolo awiri a malita 2, lililonse makilo 2. Mutatambasula manja botolo lili mamita 0.7 kuchokera pakati, ndiye mabotolo akuwonjezera 4 × 0.7² omwe ndi pafupifupi 2, zonse pamodzi 3.6. Mukawakokera pachifuwa, mamita 0.2, akungowonjezera 0.16, zonse pamodzi pafupifupi 1.8. I watsika ndi theka. Mnzanu wakuzunguzani pa ω = 3 rad/s, ndiko kuzungulira kamodzi pa masekondi awiri kapena kuposerako pang'ono, nkukusiyani. Mukakoka, ω ayenera kufika 6 kuti L akhalebe 10.8. Tsono eneji, KE = ½Iω². Poyamba ½ × 3.6 × 9 ndi majulo 16. Pomaliza ½ × 1.8 × 36 ndi majulo 32. Majulo 16 atulukira, ndipo funso lanu ndi lomweli.

Achokera m'mikono mwanu. Koma yankho limeneli likangonenedwa choncho silikhutiritsa, inenso silinkandikhutiritsa, chifukwa munthu amatha kukoka manja ataima chilili osatopa nkomwe. Kusiyana kwake nkwakuti mukamazungulira botolo lija limafuna kupita molunjika, ndipo kuti lizingoyenda mozungulira mkono uyenera kulikokera mkati nthawi zonse ndi mphamvu ya mω²r. Zili ngati mwala mu legeni ija yopukusa, chingwe chimakungika ndithu. Bola botolo likhale pa mtunda womwewo mphamvuyo sigwira ntchito iliyonse mwa fizikisi, poti botolo likuyenda chopingasa pomwe inu mukukokera mkati. Koma mukangoyamba kulisendeza pafupi, likuyenda mbali imene mukukokerayo, ndipo mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda ndiye ntchito.

Tiwerengetse tione ngati zikwana. Poyamba botolo limodzi likufuna 2 × 9 × 0.7, manyutoni pafupifupi 13. Pakatikati, mamita 0.45, liwiro lakwera kale kufika cha m'ma 4.5 ndipo mphamvu ili pafupi ndi 18, apa mpamene mikono imamva kuwawa kwenikweni. Pachifuwa 2 × 36 × 0.2, pafupifupi 14. Titenge pakati pake, 16. Mtunda umene botolo layenda ndi theka la mita, mabotolo ndi awiri, ndiye 16 × 0.5 × 2 ndi majulo 16. Ndendende aja amasowa aja! Tsiku limene ndinaona manambala awiriwa akukumana ndinasangalala koopsa, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti ana ambiri amamaliza sukulu osaonetsedwa kamzere kamodzi kameneka, kamene sikatenga ndi mphindi zisanu pa bolodi. Timawazoloweza kuloweza kenako tizidabwa akathawa sayansi, eti.

Pali china chimene ambiri sachiyembekezera

Munthu angaganize kuti eneji yatsopanoyo yalowa m'mabotolo poti ndi amene akokedwa. Ayi ndithu. Liwiro lenileni la botolo ndi ωr, poyamba 3 × 0.7 ndi mamita 2.1 pa sekondi, pomaliza 6 × 0.2 ndi 1.2 yokha. Botolo lachepetsa liwiro, eneji ya mabotolo onse awiri yatsika kuchoka pa majulo 9 kufika pa 3. Imene yakwera ndi ya thupi ndi mpando, kuchoka pa 7 kufika pa 29. Chimachitika nchakuti botolo likamalowa mkati limabwera ndi liwiro lake la kunja lija, loposa la malo amene likulowawo, ndiye limafuna kutsogola, nkukoka mkono, mkono nkupotokola phewa, thupi lonse nkutengeka. Mukadzayesa mudzamva manja akuthawira kutsogolo mbali imene mukuzungulira. Wosewera pa ayezi amamva zomwezo, kungoti iye amakokanso mwendo ndipo liwiro lake ndi lalikulu, choncho mphamvu yofunika, poti imayendera ω², imakhala yaikulu kwambiri. Nchifukwa chake amaumbata manja molimba chonchija, si zokongoletsa.

Nanga akatambasulanso? Liwiro limatsika, eneji imabwerera pa 16, koma majulo enawo sabwerera m'minofu ngati chakudya. Minofu imakhala ikugwira buleki kuti manja asaponyeke, ndipo eneji ija imasanduka kutentha m'thupi. Komanso minofu imawononga zambiri, pa eneji ya m'chakudya imene yagwiritsa ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa anayi ndi limene limakhala ntchito, yotsalayo ndi kutentha basi.

Mukafuna kuyesa pezani mpando wosalimba pozungulira, miyendo isakhudze pansi, yambani mutatambasula manja ndipo mnzanu akuzunguzeni pang'onopang'ono chifukwa chizungulire chimagwetsa. Kokani msanga. Mukakoka mochedwa kukhulana kwa m'chitsulo cha mpando kumadya L ndipo simuona liwiro likuwirikiza kawiri, mudzadziwa kuti vuto ndi limenelo ngati mpando ukuima wokha musanazungulire katatu. Pa pepala la mayeso lembani kuti L sasintha, KE = L²/2I ndiye I akatsika ndi theka KE iwirikiza kawiri, ndipo yowonjezerayo ndi ntchito imene minofu yagwira pokokera manja mkati.